Chipinda cha mwana mu foni ya banja lonse

Kunyumba kwathu kuli mafoni awiri amakono. Ina ndimayenda nayo ine kuntchito, ndipo inayo imatsala pakhomo m'manja mwa mayi a ana, amene amalandirirapo maoda a zitenje pa WhatsApp komanso ndalama za makasitomala awo. Foni yotsala pakhomoyi ndi imene mwana wathu woyamba, mtsikana wa zaka 9 amene ali mu Sitandade 4, amabwereka akaweruka kusukulu, ndipo kwa nthawi yaitali sitinkaonapo vuto kupatula kudandaula kuti bandulo ya sabata yonse ikutha m'masiku awiri. Tsiku lina madzulo tikudya, mwanayu anaika nsima pansi n'kundifunsa kuti, "Adadi, kodi anthu aja anagona pamsewu aja anadzuka?" Titafufuza tinapeza kuti munthu wina anaponya vidiyo ya ngozi ya minibasi pa gulu la WhatsApp la mayi ake, foni inaitsitsa yokha, ndipo inakakhala pakati pa zithunzi za banja, pomwe mwanayu anaipeza akufunafuna vidiyo ya nyimbo za kwaya. Sanalowe pa tsamba loipa, sanafufuze kanthu kolakwika, ndipo panalibe chomukalipira. Tinam'patsa tokha foni ya munthu wamkulu ndi katundu wake yense ali momwemo.

Njira yoyamba imene ndinayesa inali yachidule, ndipo ndikuitchula chifukwa makolo ambiri amayambira pomwepo. Mafoni ambiri a Android, kuyambira pa mtundu wa 9 umene unatuluka mu 2018, ali ndi gawo lotchedwa Digital Wellbeing, momwe munthu amatha kuikira apu iliyonse malire a nthawi, ndipo nthawiyo ikatha chizindikiro cha apuyo chimazilala mpaka pakati pa usiku. Ndinaika mphindi 30 pa apu yoonera mavidiyo. Koma gawoli linapangidwira munthu wamkulu wofuna kudziletsa yekha, choncho silifunsa nambala yachinsinsi iliyonse, ndipo mwana wodziwa kuwerenga amangolowa momwemo n'kuchotsa malirewo. Kuonjezera apo, malire omwewo anatsekeranso mayi ake kunja pamene ankafuna kuona vidiyo ya zitenje zatsopano imene wowaodetsa anatumiza. Apa m'pamene ndinazindikira gwero la vuto: foni siidziwa kuti ili m'manja mwa ndani. Malire a nthawi ndi zosefera sizingagwire ntchito bwino pokhapokha mwanayo akhale ndi malo akeake m'foniyo, osiyana ndi a kholo, monga mmene kumudzi anyamata akasinkhuka amawamangira gowelo m'malo mowaletsa kukhudza chilichonse cha m'nyumba ya makolo.

Malo oterewa alipo. Kuyambira pa Android 5.0 wa mu 2014, foni imodzi imatha kukhala ndi ogwiritsa ntchito angapo, aliyense ndi maapu ake, zithunzi zake ndi loko wake. Pa foni yathu njira yake ndi iyi:

```
Settings > System > Multiple users > Add user
```

Mawuwa amasiyana pang'ono malinga ndi kampani yopanga foniyo, choncho njira yosavuta ndi kulemba users pa malo ofufuzira a mu Settings. Ngati sipakutuluka kanthu, ndiye kuti foni yanuyo ilibe gawoli, pakuti makampani ena amalichotsa, makamaka pa mafoni a memori yochepa, ndipo za mafoni oterewa ndinena chakumapeto. Likakhalapo, foni imatsegula chipinda chatsopano chooneka ngati foni yongotuluka kumene m'bokosi: mulibe WhatsApp ya mayi, mulibe zithunzi zawo, mulibe manambala a makasitomala. Vidiyo ya ngozi ija, ngakhale itabweranso mawa, siingadutse khoma limeneli, ndipo m'maganizo mwanga khomali ndi lofunika kuposa zosefera zonse zimene ndifotokoze pansipa.

Musanam'patse mwana chipindachi pali zinthu zitatu zoyenera kukonza kumbali ya kholo, ndipo mukaiwala chimodzi ntchito yonse imapita pachabe. Choyamba, mbali ya kholo ikhale ndi nambala yachinsinsi imene mwana saidziwa. Kwathu zimenezi zinatanthauza kusintha kachizindikiro kojambula ndi chala kamene mayi a ana anakhala nako zaka zingapo, chifukwa ngakhale mng'ono wake wa zaka 5 ankakadziwa pongoona mmene chala chikuyendera. Chachiwiri, pa tsamba lomwelo la Multiple users pamakhala batani lolola munthu kuonjezera wogwiritsa ntchito wina foni ili yokhoma, lolembedwa Add users from lock screen, ndipo liyenera kuzimitsidwa, apo ayi mwana adzatsegula chipinda cha mlendo chotchedwa Guest, chimene chilibe malire alionse. Chachitatu ndi batani la Turn on phone calls & SMS limene limapezeka mukadina pa dzina la mwanayo. Ine ndinalisiya lozima. Likayaka, mwana amaona mauthenga onse a pa simu khadi, kuphatikizapo a ndalama zolowa ndi zotsala, ndipo amatha kuimba manambala ngati *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba, ngakhalenso kugula bandulo ndi mayunitsi amene ali m'foni. Likakhala lozima, foni yobwera imalirabe, koma mwanayo sangaimbe.

Chipinda chikakonzeka chimafuna mwini wake, ndipo apa m'pamene pamalowa Family Link, apu yaulere ya Google imene inayamba mu 2017. Apuyi imakhala kwa kholo. Ine ndinaiika pa foni yanga ya kuntchito, ngakhale kuti ikhoza kukhalanso pa foni yapakhomo yomweyo, kumbali ya mayi. Mmenemo ndinatsegulira mwanayu akaunti yake ya Google, ndinalemba dzina ndi tsiku lake lobadwa, kenako ndinavomereza ndi pasiwedi yanga monga kholo. Pa tsiku lobadwa m'pofunika kunena zoona. Ambirife tinazolowera kuti potsegulira mwana imelo timangoika chaka chabodza kuti zinthu ziyende msanga, koma mukatero makinawo amamuyesa munthu wamkulu, ndipo zotetezera zimene zimayaka zokha kwa mwana wosakwana zaka 13 sizimayaka. Kenako ndinatenga foni yapakhomo, ndinalowa m'chipinda chatsopano chija, ndinalembamo akaunti ya mwanayo, ndipo foni inafunsa akaunti ya kholo yotsimikizira isanaonetse mndandanda wa maapu oti ndilole kapena ndiletse.

Chenjezo limodzi pano ndilinena motsindika. Musaike akaunti ya mwana kumbali ya kholo, pambali pa akaunti yanu, poganiza kuti n'chimodzimodzi. Akaunti yoyang'aniridwa imafuna kulamulira chipinda chonse chimene yalowamo, choncho foni imakuuzani kuti muchotse maakaunti ena, ndipo mukavomera osawerenga bwino, manambala ndi maimelo osungidwa pa akaunti yanu amachoka pa foniyo mpaka mutaibwezeretsa, pomwe malire a mwana amayamba kugwira inuyo. Komanso ntchito yonseyi imadya deta, chifukwa chipinda chatsopano chimatsitsa zofunika zake, choncho ndi bwino kuichita muli ndi bandulo yokwanira ndiponso batire lodzaza, osati magetsi atazima foni ili pa 15 peresenti.

Malire a nthawi mu Family Link ndi a mitundu itatu, ndipo kusiyana kwake ndinakumvetsa mochedwa. Daily limit ndi nthawi yonse imene mwana angakhale pa foni tsiku limenelo, ndipo imaikidwa payokha pa tsiku lililonse la sabata. Downtime ndi maola amene chipinda chake chimakhala chokhomeratu, kaya wagwiritsa ntchito nthawi yake kapena ayi. App limits ndi malire a apu imodziimodzi. Kwathu ndinaika ola limodzi kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, maola awiri Loweruka ndi Lamulungu, ndipo chipindacho chimakhomeka kuyambira 7 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa. Pa maapu, gemu yake yomanga nyumba ndinaipatsa mphindi 20, apu yoonera mavidiyo ya VLC mphindi 30, ndipo apu ya masamu ndinaiika pa Unlimited time, kutanthauza kuti nthawi imene wathera pamenepo siichotsedwa pa ola lake lija. Cholinga changa chinali chakuti pa ola limodzilo patsale mphindi 10 za kamera ndi kufufuza za homuweki, ndipo masamu asamapikisane ndi gemu.

Sabata yoyamba mayi ake anandiuza kuti mwanayu akuonerabe makatuni pafupifupi ola lathunthu, ngakhale kuti malire anali mphindi 30. Ndinatsegula lipoti la Lachitatu mu Family Link, limene limaonetsa mphindi za apu iliyonse, ndipo linati: VLC mphindi 30, gemu mphindi 4, Files mphindi 26. Mwana wa zaka 9 alibe chochita mphindi 26 mu apu yosungira mafayilo. Chimene chinkachitika n'chakuti VLC ikatsekeka, iye ankapita ku Files, n'kudina katuni yomweyo, ndipo inkapitirira kuonekera mmenemo. Sindinganene kuti ankaba, pakuti anangopeza khomo lina lotsegula n'kulowerapo, monga amachitira madzi. Phunziro lake ndi lakuti malire a apu amayang'ana dzina la apu, osati chimene mwana akuchita, ndipo chinthu chimodzi, kaya ndi vidiyo kapena gemu, chimatha kutseguka m'maapu awiri kapena atatu. Maapu ena obwera ndi foni salola n'komwe kuikidwa malire. Choncho denga lenileni ndi Daily limit, ndipo App limits amangothandiza kugawa zimene zili pansi pa dengalo. Chizindikiro chodziwira kuti pali khomo lotere ndi chomwecho chimene ndinaona ine: apu yosayembekezereka, monga ya mafayilo, ya zithunzi kapena bulawuza, ikayamba kuonetsa mphindi zambiri tsiku ndi tsiku. Ndinakhala naye pansi, tinagwirizana kuti mavidiyo ndi mphindi 30 kaya aonekere pati, ndipo ndinatsitsa nthawi ya masiku a sukulu kufika pa mphindi 50.

Pali nkhani ina imene imakhudza kwambiri ife amene intaneti yathu imayendera bandulo. Malire amene afika kale pa foni ya mwana amagwirabe ntchito ngakhale deta itatha, chifukwa foniyo imawerenga yokha mphindi. Koma kusintha kulikonse kumene mwachita pa foni ya kholo kumafuna intaneti mbali zonse ziwiri kuti kufike. Loweruka lina, ndili ku maliro kumudzi, mayi ake anandiimbira kuti mwanayu ali ndi ntchito ya kusukulu yojambula masamba a mitengo ndipo nthawi yake yatha. Ndinamuonjezera mphindi 30 kuchokera komwe ndinali, koma palibe chinasintha, chifukwa foni yapakhomo inalibe bandulo. Pa vuto lotere pali nambala yotchedwa Parent access code, imene imapezeka mu Family Link ya kholo, imasintha pakapita kanthawi, ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Ndinawawerengera mayi ake pa foni, analemba pa sikirini yokhomayo, ndipo chipinda chinatseguka. Nambalayi ndi yoti kholo lilembe lokha, osati kuitchula mokweza mwana ali pompo, chifukwa ndi kiyi wa chipinda chonse. Pa chifukwa chomwechi lipoti la mphindi limatha kuoneka lopanda kanthu kwa masiku awiri kenako n'kudzaza nthawi imodzi bandulo ikagulidwa, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti mwanayo sanagwire foni.

Tsopano za zosefera, zimene makolo ambiri amaziyembekezera kuposa mphamvu zake. Pa Google Play ndinaika Require approval for pa All content, kuti apu iliyonse, ngakhale yaulere, idikire chilolezo changa, ndipo msinkhu wa maapu ndinauika pa 7+, pa makwerero oyambira 3+, 7+, 12+, 16+ mpaka 18+. Dziwani kuti msinkhuwu umachokera pa mayankho amene wopanga apu anapereka za apu yake, ndipo sutsimikiza za malonda amene amatulukira pakati pa gemu, choncho gemu yatsopano ndimayamba ndaiseweretsa ndekha kwa mphindi zingapo deta ili yoyaka. Pa kufufuza, SafeSearch, sefa ya Google yobisa zolaula pa zotsatira, imakhala yoyaka kale pa akaunti ya mwana. Pa Chrome pali zosankha zitatu: Allow all sites, Try to block explicit sites, ndi Only allow approved sites. Mawu akuti Try ali pa chosankha chachiwiricho akunena zoona, chifukwa chimangoyesetsa, ndipo chimayang'ana kwambiri zolaula, pomwe zithunzi za ngozi pa tsamba la nkhani zimatha kudutsa. Kwa mwana wa zaka 9 ndinasankha chachitatu, chimene chimatseka zonse kupatula masamba amene ndalola. Akafuna tsamba latsopano amadina popempha, pempholo limafika pa foni yanga, ndipo ndimaliona kaye ndisanavomere. Sabata zoyamba mapempho amachuluka, koma mwana wa msinkhu uwu amabwerera ku masamba ochepa omwewo, ndipo posakhalitsa zimakhazikika. YouTube ndinaitseka yonse, mbali ina chifukwa cha deta. Ilipo ya ana yotchedwa YouTube Kids, koma siipezeka mu Play Store ya dziko lililonse, ndipo ine ndinaona kuti n'kwabwino kutsitsa ndekha mavidiyo ochepa n'kumutumizira pa Bluetooth.

Malire a zosefera zimenezi ndi akuti zimalondera zipata za Google zokha. Sefa ya Chrome siikhudza bulawuza ina iliyonse, ndipo mafoni ambiri ogulitsidwa kuno amabwera ndi bulawuza yawoyawo yokhala ndi tsamba loyamba lodzaza ndi nkhani ndi zithunzi. Imeneyo iyenera kuletsedwa pa mndandanda wa maapu, pamodzi ndi sitolo ina iliyonse ya maapu yobwera ndi foni, komanso chilolezo cha Apps from unknown sources chikhale chozima kuti mnzake asam'tumizire gemu ngati fayilo. Pofuna mpanda wachiwiri ndinagwiritsa ntchito Private DNS, imene ilipo kuyambira pa Android 9 ndipo imaikidwa kumbali ya mwini foni:

```
Settings > Network & internet > Private DNS
family.cloudflare-dns.com
```

Foni ikafuna kutsegula tsamba imayamba yafunsa keyala yake, ndipo seva imeneyi imakana kupereka keyala ya masamba odziwika kuti ndi olaula kapena a mavairasi. Imagwira foni yonse, kuphatikizapo mbali ya kholo, ndiponso maapu ambiri. Koma imangodziwa dzina la tsamba, siiona zimene zili m'kati mwake, ndipo mabulawuza ena opulumutsa deta, amene amadutsitsa masamba pa maseva awoawo, amaizemba. Mukalakwitsa chilembo chimodzi polemba dzinalo, intaneti imaima pa foni yonse ngakhale bandulo ilipo, choncho mukangoika yesani kutsegula tsamba lodziwika nthawi yomweyo.

Chimene palibe sefa ingachione ndi chimene chinayambitsa nkhani yonseyi. Mauthenga a WhatsApp amakhala obisika kuchoka kwa wotumiza mpaka kwa wolandira, ndipo Family Link siiwerenga kapena kusefa zimene zili mmenemo. Chimene ingachite ndi kuitseka apuyo kapena kuiikira mphindi basi, ndipo malamulo a WhatsApp amafuna kuti wodzitsegulira yekha akaunti akhale wa zaka zosachepera 13. Chimodzimodzinso mavidiyo obwera pa Xender, pa Bluetooth kapena pa memori khadi yodzazidwa kumsika: amenewa sadutsa pa intaneti, ndipo kuno kwathu ndi njira imene mavidiyo ambiri amayendera pakati pa ana, chifukwa siifuna bandulo. N'chifukwa chake m'chipinda cha mwana wathu mulibe WhatsApp kapena apu yogawirana mafayilo, ndipo Lamulungu madzulo ndimatsegula chikwatu cha mavidiyo ake iye ali pambali panga, n'kuona ngati muli chimene sindinaike ine. Ngati foni yanu ili ndi memori khadi, lowani m'chipinda cha mwana n'kutsegula Files kuti muone ngati zimene zili pa khadiyo zikuoneka, pakuti khadi ndi katundu wa foni yonse, osati wa chipinda chimodzi.

Kwa amene foni yawo ilibe Multiple users, chotsala ndi App pinning, imene imapezeka pansi pa Security. Mukaiyatsa pamodzi ndi batani lofunsa nambala yachinsinsi musanamasule, mumatsegula apu imodzi, mumaikhomerera pa sikirini, n'kum'patsa mwana, ndipo sangatulukemo popanda nambalayo. Ilibe malire a nthawi kapena lipoti, koma imateteza zithunzi ndi mauthenga anu, ndipo kwa mng'ono wake wa zaka 5 uja ndi imene timagwiritsabe ntchito, wotchi yake ili pakamwa pa mayi ake.

Njira ya chipinda ili ndi mtengo wake, ndipo amene amaulipira kwambiri ndi mayi a ana. Kusintha kuchoka mbali ina kupita ina kumatenga kanthawi pa foni ya memori yochepa ngati yathuyi, ndipo pamene mwana ali m'chipinda chake, mauthenga a makasitomala saonekera pa sikirini mpaka mayi atabwerera kumbali yawo. Tsiku lina oda ya zitenje zinayi inadikira pafupifupi ola lathunthu pa chifukwa chimenechi. Tinakambirana, ndipo anasankha okha kuti mwanayu azitenga foni pakati pa 4 koloko ndi 5 koloko madzulo, pamene iwo amakhala ali pa mbaula ndipo sakanayankha uthenga ngakhale utabwera. Dzulo ndinafika pakhomo nthawi imeneyo isanathe, ndinam'peza atakhala pa khonde akumalizitsa denga la nyumba ya mu gemu yake, ndipo chenjezo lakuti nthawi yatsala pang'ono litatuluka anangoti, "Adadi, zenera ndimaliza mawa," n'kupita nayo foni kukhitchini.